Kalata ya Tsamba Limodzi Yotumizira Bambo Wotsokomola

Dokotala wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi akamatumiza wodwala kwa katswiri wa kuchipatala chachikulu, iyeyo sapita nawo. Chimene chimakwera minibasi pamodzi ndi wodwala ndi pepala lopindidwa m'buku la kuchipatala. Zonse zimene dokotalayo waona, wakhudza ndiponso waganiza m'miyezi imene wakhala akumuthandiza munthuyo zikafika kwa katswiri pokhapokha ngati zalowa papepalapo. Wodwala akhoza kufotokoza ululu wake, koma sangakumbukire kuti mu Febuluwale sikelo inaonetsa chiyani, kapena dzina la makapisozi amene anamwa mu Epulo. N'chifukwa chake ndimaiona kalata yotumizira wodwala ngati ntchito ya luso payokha, ndipo pali ina imene ndikufuna tiiwerenge bwinobwino. Inalembedwa pamanja, m'Chingerezi chachidule chimene amalembera kuchipatala, ndipo inakwana tsamba limodzi. Dzina la wodwala, mudzi wake ndi chipatala chake ndazisiya dala.

Kalatayo ikuyamba ndi pempho, isananene mbiri ina iliyonse. "Adokotala, ndikukutumizirani bambo wa zaka 64 amene watsokomola miyezi inayi ndipo watsika ndi makilogalamu 7. Makhololo tayeza kawiri pa GeneXpert, TB sinapezeke. Ali ndi chotupa cholimba m'khosi kumanja. Ndikupempha kuti mutengeko kachidutswa kapena madzi a chotupacho kuti tidziwe ngati ndi khansa kapena TB, ndisanamuyambitse mankhwala a TB."

Katswiri wa kuchipatala chachikulu amakhala ndi mzere wautali pakhomo, ndipo kalata amaiwerenga wodwala akukhala pampando. Mizere inayi yoyambayi ikumuuza kuti munthuyu ndani, vuto n'chiyani, chachitika kale n'chiyani, ndipo akufunikira chiyani lero. Atati asawerenge china chilichonse, akhoza kuyamba ntchito. Pempho lakenso ndi loti lingatheke kuyankhidwa. Kulemba kuti "chonde muoneni ndi kumuthandiza" kumaoneka ngati ulemu, koma kumasiya katswiri akuganizira yekha chimene mnzake wakanika, ndipo kawirikawiri amangoyambiranso kuyeza makhololo, wodwala n'kuuzidwa kuti adzabwerenso. Apa dokotala watchula chinthu chimodzi chimene iye alibe pachipatala chake koma mnzakeyo ali nacho, chomwe ndi singano yotengera madzi a chotupa ndi labu yoona maselo pa maikulosikopu.

Gawo la kuonda ndi limene limandikopa kwambiri, chifukwa dokotalayu sanalembe mawu oti "waonda" paliponse. Analemba manambala atatu ndi miyezi yake: makilogalamu 58 mu Febuluwale, 54 mu Epulo, 51 mu Juni. Kenako anaonjezera kuti kuyeza konseku kunachitika pa sikelo imodzi, ya pachipatala chake. Amene anagwirapo ntchito m'zipatala zathu akudziwa chifukwa chake. Masikelo awiri a m'zipinda zoyandikana amatha kusiyana ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndipo munthu woyezedwa atavala jekete mu Juni salingana ndi yemweyo woyezedwa ndi malaya okha mu Okutobala. Ponena kuti sikelo ndi imodzi, dokotala wachotsa chikayiko katswiri asanachiyambe.

Makilogalamu 7 pa munthu amene ankalemera 58 ndi pafupifupi magawo 12 pa 100 alionse a thupi lake, m'miyezi inayi yokha. Madokotala amayamba kuda nkhawa munthu akataya magawo opitirira 5 pa 100 m'miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka popanda chifukwa chodziwika, ndiye apa malire adutsidwa kale kawiri. Miyezi imene kuondaku kwachitika nayonso ikulankhula. Munthu wa kumudzi akaonda pakati pa Disembala ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka ndipo ntchito ya kumunda itachuluka, sitidabwa kwambiri. Koma bamboyu anapitiriza kutsika mu Epulo, Meyi ndi Juni, chimanga chili m'nyumba. Dokotala anachiona chimenechi ndipo analemba kamzere kamodzi: "Chakudya pakhomo chilipo, chilakolako cha chakudya ndicho chachepa, amameza bwinobwino, satsamwa." Mawu omalizawo ali ndi ntchito yawo. Khansa ya kummero ndi yofala kuno kwathu, ndipo imaondetsa munthu mofulumira, nthawi zina n'kumamutsokomoletsa akamameza. Pofunsa za kumeza ndi kulemba yankho lake, dokotala wauza mnzake kuti njira imeneyo waiyang'ana kale.

Chifuwa chenichenicho chafotokozedwa mwachidule. Chinayamba chouma, kenako chinayamba kutulutsa makhololo oyera, ndipo m'masabata atatu apitawa mwaoneka timizere ta magazi kawiri, osati magazi odzaza supuni. Thupi silitentha, ndipo thukuta la usiku palibe. Befu amamupeza akakwera kamtunda kopita kumsika, kumene chaka chatha ankakwera atasenza katundu. Mawu ake sanasase. Pa zizindikiro zinayi zimene wazaumoyo aliyense amafunsa poganizira TB, zomwe ndi kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, bamboyu ali nazo ziwiri, ndipo kalatayo yalemba zonse zinayi, zomwe zilipo ndi zomwe palibe. Chinthu chikapanda kulembedwa, wowerenga sadziwa ngati chinafunsidwa n'kupezeka kuti palibe kapena ngati sichinafunsidwe n'komwe. Dokotalayu sanasiye mpata wotero.

Tsopano tifike pa zotsatira za makhololo, pamene makalata ambiri amagwera. GeneXpert ndi makina amene amafufuza chibadwa cha kachilombo ka TB m'makhololo ndipo amatulutsa yankho m'maola pafupifupi awiri, n'kuuzanso ngati kachilomboko sikakumva mankhwala a rifampisini. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linawavomereza mu 2010, ndipo amagwira TB imene maikulosikopu imaphonya. Komabe makinawo amangoyeza chimene apatsidwa. Munthu akalavulira malovu m'kabotolo m'malo mwa makhololo ochokera pansi pa chifuwa, yankho limatuluka loti TB palibe ngakhale ilipo. Dokotala wathuyu analemba tsiku la kuyeza kulikonse, analemba mawu enieni amene makina anasindikiza, MTB NOT DETECTED, ndipo anafotokoza mmene makhololowo analili. Oyamba anali amadzimadzi, ndipo iye sanawakhulupirire. Achiwiri anatengedwa m'mamawa, wodwala atatsuka m'kamwa ndi madzi n'kupuma mozama kangapo, panja pa mphepo, wazaumoyo ali chapatali kumuyang'anira, ndipo anali olimba bwino. Ndiye katswiri akudziwa kuti pa mayankho awiriwo, limodzi ndi lodalirika. Akudziwanso kuti ngakhale limenelo silitseka nkhani, chifukwa TB ya tizilombo tochepa, kapena yokhala kunja kwa mapapo, imatha kuzemba makinawa.

Za HIV analemba kuti bamboyu anayezedwa mu Meyi chaka chomwecho ndipo alibe kachilombo. Mwezi woyezerawo ndi wofunika ngati yankho lenilenilo, popeza "alibe" wa zaka zitatu zapitazo sathandiza lero. Bamboyu akanakhala ndi kachilombo, kalata yonse ikanasintha: pakanafunika dzina la ma ARV amene akumwa, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, chiwerengero cha CD4, kuyeza TB m'mkodzo ngati CD4 yatsika, ndi kuyang'ana m'kamwa ndi m'miyendo ngati muli mabanga a khansa ya Kaposi. Shuga anayezanso, chifukwa matenda a shuga amaondetsa ndiponso amatsegulira TB khomo, ndipo anali bwino. Magazi anali ochepa pang'ono, 10.2. Kachipangizo kopanira chala kanaonetsa okosijeni 93 atakhala pansi, koma 89 atayenda kuzungulira bwalo la chipatala. Kumuyendetsa wodwala musanamuyeze kachiwiri sikulira ndalama iliyonse, koma ndi ochepa amene amakumbukira kutero.

Pali mzere wina waufupi umene munthu wongodutsa sangauone kufunika kwake: "Anamwa amoksisilini masiku 7 mu Epulo, palibe kusintha. Sipulofuloksasini sindinamupatse, ndipo akuti sanagule kwina." Sipulofuloksasini ndi mankhwala ena a gulu lake, akamwedwa okha kwa masiku ochepa, amafooketsa tizilombo ta TB koma sathetsa matendawo. Wodwala TB akamwa amenewa amamva bwino kwa masabata angapo, tizilombo m'makhololo timachepa, kuyeza kumasocheretsa, ndipo matenda amapezeka mochedwa. Choncho katswiri akaona yankho loti TB sinapezeke, funso lake loyamba limakhala loti kodi munthuyu anamwa chiyani asanayezedwe. Dokotala walemba mankhwala amene anapereka, walembanso amene anapewa, ndipo anafunsa za m'magolosale ndi m'mafamase, kumene anthu ambiri amayambira asanafike kuchipatala.

Ndime yaitali pa zonse ndi ya ntchito imene bamboyu ankagwira ali mnyamata, ndipo apa m'pamene ndikuona kuti dokotalayu anakhala pansi n'kucheza naye modekha. M'buku la kuchipatala munalembedwa kuti ndi mlimi. N'zoona, lero ndi mlimi. Koma dokotala anafunsa ngati anapitako ku Joni, ndipo yankho linali loti inde, pa Theba, kuyambira 1982 mpaka 1988, kumigodi ya golide. Sanalekere pomwepo. Anafunsa ngati ankagwira pamwamba kapena pansi, ndipo ankagwira chiyani. Bamboyo ankaboola miyala pansi pa nthaka, pamalo pamene fumbi limachuluka koposa.

Amalawi ambirimbiri anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA, mpaka kulemba anthu kuno kunaima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Amene anabwerako ali anyamata tsopano ndi azigogo m'midzi mwathu. Miyala ya m'migodi ya golide ili ndi fumbi losalala kwambiri la silika, limene likalowa m'mapapo silituluka. Thupi limalimbana nalo kwa zaka zambiri n'kumapanga zipsera, ndipo matendawa, otchedwa silikosisi, amatha kuonekera kapena kukula munthu atasiya mgodi kalekale. Pa chithunzi cha m'chifuwa amaoneka ngati timadontho tambirimbiri, makamaka kumtunda kwa mapapo, komwenso TB imakonda kukhala. Nthawi zina timadonthoto timaphatikana n'kupanga chibuluma chimene chimafanana ndi khansa. Kuonjezera apo, munthu wa silikosisi amadwala TB mosavuta kuposa anzake, ndipo fumbi lomwelo limaonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mapapo. Choncho mawu ochepa oti "anaboola miyala zaka zisanu ndi chimodzi" akusintha mmene katswiri ati awerengere chithunzi chonse.

Dokotala anaonjezerapo zinthu ziwiri. Bamboyu wakhala akusuta chingambwe kwa zaka zoposa 30, ndudu zopichira yekha zisanu kapena zisanu ndi imodzi patsiku. Anadwalaponso TB mu 2015 ndipo anamaliza mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. TB yakale imasiya zipsera ndi mapanga m'mapapo, ndipo zimenezi pazokha zimatha kutsokomoletsa munthu ndi kumutulutsa magazi zaka zambiri pambuyo pake. Ndiye chithunzi chatsopano chikaonetsa zoyerayera kumtunda kwa phapo, funso limakhala loti kodi n'zakale kapena n'zatsopano. Yankho lake lili m'chithunzi chakale basi. Dokotalayu anatuma mwana wa bamboyo kuti akafufuze kunyumba, ndipo envulopu ya chithunzi cha 2015 inapezeka m'sutukesi. Kalatayo ikuti: "Ndatumiza zithunzi zonse ziwiri. Timadontho ta kumtunda mbali zonse tinaliponso mu 2015. Chibuluma cha kumanja pafupi ndi pakati pa chifuwa panalibe." Iye si katswiri wowerenga zithunzi, ndipo sananamizire kuti ndi katswiri. Wangonena chimene maso ake aona, n'kupereka zithunzizo kuti mnzake aone yekha.

Za kupima thupi analemba zochepa, koma zosankhidwa bwino. Nsonga za zala zafufuma ndipo zikhadabo zakhota, chizindikiro chimene chimaoneka pa khansa ya m'mapapo ndi pa matenda ena okhalitsa a m'chifuwa. Nkhope ndi khosi sizinatupe. Chiwindi sichinakule. Ndipo chotupa chija anachifotokoza ngati munthu amene anachigwiradi ndi zala: chili pamwamba pa fupa lopingasa la pansi pa khosi, kumanja, n'chachikulu masentimita awiri, n'cholimba, sichipweteka, sichisuntha pochikankha. Mwanabele wa TB nthawi zambiri amakhala m'mbali mwa khosi, amatha kukhala angapo ophatikana, ndipo pakapita nthawi amafewa pakati n'kuphulika. Wolimba gwa, wosasuntha, wokhala m'kadzenje ka pamwamba pa fupalo mwa munthu wachikulire wosuta fodya, amakumbutsa khansa. Koma zala sizingagamule. Ubwino wa pempho la dokotalayu uli poti singano imodzi ikhoza kuyankha mafunso onse awiri: gawo lina la zimene zatengedwa lipite pa galasi kukaona maselo, lina lipite pa GeneXpert.

Chovuta koposa pa kalata ngati imeneyi ndi kufotokoza chifukwa chimene sunachitire chinthu chimene aliyense amayembekezera. Munthu wotsokomola miyezi inayi, woonda, wogwirapo kumigodi, wodwalapo TB, chithunzi chake chili choipa: madokotala ambiri akanamuyambitsa mankhwala a TB ngakhale makhololo sanaonetse, ndipo malamulo a chithandizo amalola kutero dokotala akaona kuti n'koyenera. Nthawi zambiri kumapulumutsa moyo. Koma kuli ndi mtengo wake. Mankhwalawa ndi a mitundu inayi kwa miyezi iwiri, kenako mitundu iwiri kwa miyezi inayi, ndipo amatha kuvulaza chiwindi, makamaka mwa achikulire. Choopsa china n'choti munthu akangolembedwa m'kaundula wa TB, onse amaleka kufunsa mafunso. Akapitiriza kuonda amati mankhwala sanayambe kugwira, ndipo khansa imadzaganiziridwa miyezi itatu kapena inayi itadutsa.

Dokotalayu analemba maganizo ake poyera, m'ndondomeko ya mmene akuwaonera: choyamba khansa ya m'mapapo, chachiwiri TB yosaoneka m'makhololo, chachitatu silikosisi yokula, mwinanso ziwiri mwa zimenezi pamodzi. Kenako anadziikira malire. "Sindinayambitse mankhwala a TB chifukwa akuyenda yekha, sakutentha thupi, akupuma ka 22 pa mphindi. Ngati kuyeza chotupa sikungatheke m'masabata awiri, kapena akayamba kufooka, ndiuzeni ndipo ndiyambitsa." Manambalawa sanawalembe mwachisawawa. Pali zizindikiro zimene zimauza wazaumoyo kuti wodwala ali pangozi ndipo kudikira kwatha, monga kupuma koposa ka 30 pa mphindi, mtima kugunda koposa ka 120, kapena kulephera kuyenda popanda womugwira. Bamboyu analibe chilichonse mwa zimenezi, ndiye masabata awiri ofufuza anali otheka. Ndikuona kuti uku ndiko kudikira kwanzeru, kokhala ndi tsiku lothera ndiponso munthu wodziwika amene adzachitepo kanthu tsikulo likafika.

Mizere yomaliza ikunena za munthuyo ndi banja lake. Bamboyu wauzidwa kuti pali chotupa chofunika kuchiyeza, ndipo kuti chikhoza kukhala TB kapena matenda ena aakulu. Mawu oti khansa anatchulidwa kwa iye ndi kwa mwana wake wamkazi, amene ndiye gadiyani wake, ndipo bamboyo anati akufuna kuuzidwa zotsatira iye mwini, osati kudzera mwa abale. Katswiri akadziwa zimenezi sayamba kulankhula ngati wodwala akudziwa kale zonse, komanso sabisa zimene mwiniwake wapempha kumva. Kalatayo ikutinso banjali linagulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti ya anthu awiri, ndipo ulendo wachiwiri udzakhala wovuta, choncho ngati n'kotheka zonse zichitike pa ulendo umodzi. Wodwala wapatsidwa chophimba pakamwa choti avale m'galimoto ndi pamzere, popeza TB sinachotsedwe m'maganizo. Pansi pali dzina la dokotala lolembedwa m'zilembo zowerengeka, nambala yake ya foni, chidindo, ndi pempho loti yankho lilembedwe m'buku la wodwala kuti chithandizo chikapitirire kufupi ndi kwawo.

Pali kamzere kenanso kamene sikakhudza matenda mwachindunji. Dokotala anapempha kuti ngati katswiri atsimikiza silikosisi, alembe dzina la matendalo momveka bwino. Ku South Africa kuli thumba la chipukuta misozi lotchedwa Tshiamiso Trust, la anthu amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala silikosisi kapena TB ya kumgodi, ndipo ochokera m'mayiko ena monga Malawi akuwerengedwa nawo. Thumbalo lili ndi njira zake zoyezera anthu, koma banja silingayambe n'komwe kufunsa ngati palibe amene analiuza kuti chifuwa cha bambo awo chikukhudzana ndi mgodi.

Zimene kalatayi yasiya nazonso n'zambiri. Simupezamo malungo amene bamboyu anadwala zaka zisanu zapitazo, kapena bondo limene limamuvuta nyengo yozizira. Zonsezo zili m'buku kwa wofuna kuziona. Chilichonse chimene chalowa patsambali chikuthandiza kusiyanitsa matenda atatu aja, kapena chikuthandiza kuti ulendowu usapite pachabe.

Singano inalowa m'chotupa m'mawa womwewo bamboyo atafika, popanda kuyambiranso kuyeza makhololo. Pa GeneXpert sipanapezeke TB, ndipo patapita masiku labu inapeza maselo a khansa imene inali itafalikira kale kuchokera m'phapo. Kalata sinamuchiritse. Koma sanamwe mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi a matenda amene analibe, anauzidwa zoona iye mwini monga anapemphera, ndipo anabwerera kwa dokotala wake ali ndi ndondomeko yolembedwa ya mankhwala ochepetsa ululu ndi befu, kuphatikizapo mofini wakumwa, woti azikalandirira kufupi ndi kwawo.

Inu amene mudzaperekeze m'bale wotsokomola ndi kuonda kuchipatala chachikulu, tengani mabuku onse akale a kuchipatala ngakhale ong'ambika, zithunzi zonse za m'chifuwa, ndi mapaketi a mankhwala amene wamwa, ogula okha omwe. Ngati anagwirapo ntchito kumigodi kapena kophwanya miyala, nenani ngakhale musanafunsidwe. Ndipo musanatuluke m'chipinda cha dokotala amene akukutumizani, mufunseni mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi kumeneko mwapempha kuti akamuchite chiyani?"